Feteleza yemweyo, munda womwewo, koma kumunsi chimanga chachita chikasu: mmene mungadziwire mphamvu ya dothi lanu

Chaka chilichonse ikafika Januwale ndimafunsidwa funso limodzi. Munthu amabwera ndi tsamba la chimanga m'manja, kapena kundiimitsa panjira ya ku Luchenza, n'kunena kuti, "Achimwene, ndinathira feteleza mofanana munda wonse. Kumtunda chimanga chili biriwiri, kumunsi chayezuka ngati sindinathire kanthu. Kodi andigulitsa wabodza?" Nthawi zambiri fetelezayo amakhala wabwinobwino. Chasiyana ndi dothi. Kumtundako n'katondo, kumunsiko n'kwamchenga, ndipo mvula yathu ya kuno ku Mulanje ndi Thyolo, yomwe m'mphepete mwa phiri imapitirira mamilimita 1,500 pachaka, imatsuka mchenga msanga kwambiri. Ndalemba zonse pano kuti amene akufuna azichita yekha pamunda pake.

1. Yambani mwadziwa chimene chimagwira chakudya cha mbewu m'nthaka

Feteleza akasungunuka sakhalanso timibulu tija. Amasanduka tinthu tosaoneka ndi maso toyandama m'madzi a m'nthaka, ndipo kalikonse kamakhala ndi mphamvu ngati ya batire la tochi, kena ka + kena ka -. Potaziyamu, kashiyamu, maginiziyamu ndi amoniyamu ndi za +. Tinthu ting'onoting'ono ta dongo, pamodzi ndi zinthu zowolerana zakuda zija, zili ndi mphamvu ya - kunja kwake. Choncho zimakoka zakudya za + n'kuzigwira, monga maginito a m'sipika ya wailesi amagwirira misomali. Kugwirako sikolimba kwambiri. Muzu ukafika umatulutsa tinthu take ta +, n'kusinthanitsa ndi chakudyacho. N'chifukwa chake akatswiri amati ndi mphamvu yosinthanitsa, ndipo papepala la zotsatira za dothi amailemba kuti CEC. Ine ndizingoti malo ogwirira chakudya.

Mchenga ulibe malowa. Kambewu ka mchenga n'kakakulu, kuyambira mamilimita 0.05 mpaka 2, ndipo n'kamwala kopanda mphamvu yokoka. Ka dongo n'kochepera mamilimita 0.002. Taganizani za chimanga chosagaya ndi ufa woyera. Mukaviika dzanja lonyowa m'chimanga simutuluka ndi kanthu, koma mukaliviika mu ufa limatuluka loyera lonse. Chinthu chikasinjika kwambiri, malo ake okhudzana ndi madzi amachuluka, ndipo dongo ndi ufa wa miyala wosalala kuposa ufa uliwonse wa kuchigayo. Pamwamba pa izo madzi amadutsa mumchenga mothamanga chifukwa mipata yake ndi ikuluikulu, pomwe m'dongo amayenda pang'onopang'ono.

Pali zakudya ziwiri zomwe sizitsatira lamuloli, ndipo muzikumbukire. Yuriya, feteleza wa naitirojeni, mukathira, pakapita masiku ochepa amasanduka amoniyamu, amene dothi limagwira. Koma pakapita masabata angapo tizilombo ta m'nthaka timamusandutsa naitireti, amene ndi wa -, ndipo malo ogwirira aja samugwira. Ameneyu amapita ndi madzi ngakhale m'dongo, kungoti mumchenga amapita msanga. Fosiforasi naye ndi wa -, koma vuto lake ndi lina: m'dothi lofiira amakakamira pa dzimbiri la chitsulo lomwe limafiiritsa dothilo, mpaka mizu kulephera kumutenga.

2. Gawani munda wanu, ndipo yesani dothi ndi manja

Musayese munda wonse ngati chinthu chimodzi. Yendani muone pomwe mtundu wa dothi wasinthira, pomwe khasu limalowa mosavuta, pomwe madzi amaima, pomwe pamamera kaufiti. Gawo lililonse muliyese palokha.

Kumbani mpaka masentimita 20, tapani dothi lodzaza dzanja, chotsani timiyala ndi mizu. Donthezerani madzi pang'onopang'ono uku mukukanya mpaka lifewe ngati nsima yoti muumbe mbamu. Likakana kuumbika n'kumangoyoyoka, ndi mchenga. Likaumbika, lipotokoleni pakati pa zikhato likhale ngati pensulo. Likaduka lisanatalike, mchenga ndi wochuluka. Likatalika koma n'kuthyoka mukamalipinda, ndi losakanikirana. Likapindika mpaka kupanga mphete osathyoka, ndi dongo.

Apa ndi pomwe ambiri amanamizika ndi katondo. Dongo la katondo limamatana kukhala timibulu tolimba tonga mchenga, moti mukangokanya pang'ono mumva kukhakhala n'kuganiza kuti ndi mchenga. Kanyani kwa mphindi ziwiri kapena zitatu, mukutikita mwamphamvu ndi chala chachikulu. Ngati kukhakhalako kukutha ndipo dothi layamba kunanda n'kusiya utoto wofiira m'mizere ya chikhato, ndi dongo. Mchenga weniweni sutha kukhakhala ngakhale mutikite mpaka madzulo.

Ena amakonda kuyesa ndi botolo: dothi mpaka gawo limodzi mwa atatu, madzi, kasupuni ka sopo waufa, n'kukhutchumula kwambiri. Mchenga umakhala pansi pa mphindi imodzi, dothi losalala lapakati pa maola awiri, dongo limatenga tsiku kapena kupitirira. Njirayi ndi yabwino poonetsa ana ndi anzanu, koma pa katondo imachulukitsa mchenga chifukwa cha timibulu tija. Ine ndimakhulupirira dzanja.

3. Dziwani kuti dongo lanu ndi la mtundu wanji

Mawu akuti dongo limasunga chakudya kuposa mchenga ndi oona, koma dongo si limodzi. Makande akuda a m'madambo ndi a m'chigwa cha ku Phalombe, aja amang'aluka ming'alu yolowa dzanja m'chilimwe n'kumata khasu m'dzinja, ali ndi dongo lotchedwa simekitaiti. Tinthu take tili ngati masamba a buku otseguka, chakudya chimalowa mpaka pakati. Katondo wofiira wa m'mapiri mwathu ali ndi dongo lotchedwa kaolinaiti, lomwe latsukidwa ndi mvula kwa zaka zosawerengeka. Masamba ake ndi omatana, limagwira m'mbali mokha.

Muyeso wa CEC umalembedwa kuti cmol/kg, koma inu ingoonani kukula kwa nambala. Dothi lamchenga limakhala pakati pa 1 ndi 5. Kaolinaiti yekha ali pakati pa 3 ndi 15. Simekitaiti amafika 80 kapena kuposa 100. Zowolerana zenizeni, zija zakuda zomwe simungazindikirenso kuti linali tsamba kapena ndowe, zomwe akatswiri amati hyumasi, zimafika pafupifupi 200.

Tiyeni titenge munda ngati wa munthu wa tsamba lachikasu uja, ndi manambala ongoyerekezera. Kumtunda kuli katondo: pa magawo 100 a dothi, 45 ndi dongo, ndipo 2.5 ndi zowolerana. Dongolo tikaliwerengera mphamvu ya 10 likupereka 4.5. Zowolerana pa mphamvu ya 200 zikupereka 5. Zonse pamodzi 9.5. Kumunsi, kufupi ndi mtsinje, dongo ndi magawo 8 okha ndipo zowolerana ndi gawo limodzi. Dongo likupereka 0.8, zowolerana 2, zonse 2.8. Ndiye kuti kumtunda kuli malo ogwirira chakudya kuposa katatu kumunsi, ndipo mvula ya sabata imodzi yosalekeza ikwanira kuonetsa kusiyanako pa masamba.

Koma taonaninso manambala a kumtundawo. Dongo, lomwe ndi pafupifupi theka la dothi lonse, likugonja kwa zowolerana zomwe ndi kachigawo kakang'ono. Iyi ndiye nkhani yaikulu kwa ife a dothi lofiira. Munthu wa makande akhoza kuotcha mapesi zaka zambiri dothi lake n'kumagwirabe feteleza, chifukwa dongo lake lokha, likakhala theka la dothilo, limapereka 40. Ife tikataya zowolerana timataya theka la mphamvu ya munda, ngakhale dothi likuonekabe lolemera ndi lomata. Ndipo mtundu wa dongo simungausinthe, pomwe zowolerana zili m'manja mwanu.

4. Yezetsani asidi musanagule china chilichonse

Malo ogwirira a pa zowolerana ndi pa kaolinaiti amatseguka kapena kutsekeka malinga ndi asidi wa m'nthaka. Asidi amayezedwa ndi nambala ya pH, ndipo nambala ikamatsika ndiye kuti asidi akuchuluka. Ikatsika pansi pa 5.5, malo ambiri amatsekeka, ndipo otsalawo amayamba kulandidwa ndi aluminiyamu, amene si chakudya koma poizoni wa mizu. Zulani phesi limodzi lofooka muone. Mizu ikakhala yaifupi, yonenepa kunsonga, yopanda tiubweya, ngati yadulidwa, kaikirani asidi.

Tiyi amakonda dothi la asidi, la pH ya pakati pa 4.5 ndi 5.5, n'chifukwa chake amachita bwino kuno. Chimanga, nyemba ndi soya sizikondwa nazo. Choncho dothi lomwe tiyi wa mnansi wanu akusangalala nalo likhoza kukhala lomwe likupha nyemba zanu. Komanso feteleza wa naitirojeni amawonjezera asidi chaka ndi chaka, makamaka safeti wa amoniya, ndipo yuriya nayenso amatero pang'onopang'ono.

Kutenga dothi lokayezetsa kuli motere. Pa gawo lililonse yendani mokhotakhota, mukumbe malo 10 mpaka 15, kuya masentimita 20. Pewani pachulu, pomwe munaotchera zinyalala, pansi pa mtengo ndi pomwe panali khola. Sakanizani mu ndowa yoyera yomwe simunaikemo feteleza kapena phulusa, tapani theka la kilogalamu, yanikani pamthunzi, ikani m'pepala lolembedwa dzina la gawolo. Dothi la kumtunda ndi la kumunsi lisakumane m'thumba limodzi, chifukwa zotsatira zake sizikhala za malo alionse. Alangizi a zaulimi a kudera lanu akuuzani kotumiza, ndipo kuno tili pafupi ndi malo a kafukufuku a Bvumbwe ku Thyolo ndi a tiyi ku Mimosa ku Mulanje. Pemphani pH, kaboni ndi CEC. Akakupatsani nambala ya kaboni, ichulukitseni ndi 1.72 kuti mupeze zowolerana.

Ngati pH yatsika pansi pa 5.5 m'munda wa chimanga, pafunika laimu wa kumunda, pa muyeso womwe oyezawo anena. Kawirikawiri umakhala tani imodzi kapena awiri pa hekitala, wochepa pamchenga, wochuluka padongo. Muwazeni ndi kumusakaniza ndi dothi miyezi iwiri kapena itatu mvula isanagwe, chifukwa pamwamba pokha salowa msanga. Phulusa la kukhitchini limathandiza padimba. Laimu kapena phulusa musasakanize ndi yuriya kapena zitosi za nkhuku, naitirojeni amathawa ngati mpweya, ndipo mumva fungo loboola mphuno. M'munda wa tiyi musathire laimu.

5. Ikani manyowa pomwe angaoneke ntchito yake

Ili ndi gawo lovuta, ndipo ambiri amangoti "thirani manyowa" n'kusiyira pomwepo. Munthu amathira chaka chimodzi, osaona kusintha, n'kugwa ulesi. Vuto ndi kuchuluka kwa dothi lomwe mukufuna kusintha.

Dothi lapamwamba la ekala imodzi, kuya masentimita 15, limalemera pafupifupi matani 800. Kuti zowolerana zikwere ndi gawo limodzi pa 100, pafunika matani 8 a zowolerana zenizeni zouma. Tsono tinene kuti mwavutika chilimwe chonse, mwapanga kompositi matumba 40 a makilogalamu 50, omwe ndi matani 2. Pafupifupi theka lake ndi madzi. Pa tani yotsalayo, theka ndi dothi ndi phulusa zomwe zinalowa popanga. Zowolerana ndi makilogalamu 500. Mukamwaza pa ekala yonse, makilogalamu 500 m'kati mwa matani 800 ali ngati kasupuni ka shuga mu ndowa ya madzi. Ndipo kuno n'kofunda ndi konyowa, tizilombo ta m'nthaka timadya gawo lalikulu la zimenezi m'chaka chimodzi kapena ziwiri.

Tsopano tengani matumba 40 omwewo muwaike pa kota ya ekala, ndipo muziika paphando. Mizere ikatalikirana masentimita 75 ndi mapando masentimita 25, ekala imakhala ndi mapando pafupifupi 21,500, kota yake 5,400. Phando lililonse lilandira magalamu 370, omwe ndi manja awiri odzaza. M'menemo muli zowolerana magalamu 90. Dothi lozungulira mbewu, la masentimita 15 m'litali, m'lifupi ndi kuya, limalemera makilogalamu 4 ndi pang'ono. Ndiye kuti pamalo pomwe feteleza wanu akagwere ndiponso pomwe mizu yoyamba ikadutse, zowolerana zakwera ndi magawo awiri pa 100. Pamchenga uja wa 2.8, malo ogwirira chakudya pa phandolo achuluka kuposa kawiri. Manyowa omwewo, thukuta lomwelo.

Choncho sankhani. Ine ndimati yambani ndi gawo lamchenga, chifukwa ndi komwe feteleza wogula akutayikira. Bwerezani gawo lomwelo zaka zitatu zotsatizana musanasamukire kwina. Ngati mungathe, musaphwanye mizere chaka chilichonse. Ingoikonzani pomwe ili ndi kudzala m'mapando omwewo, chifukwa kutembenuza dothi kumalowetsa mpweya ndipo zowolerana zimatha msanga. Sakanizani manyowawo ndi dothi la paphando, musawasiye pamtunda padzuwa.

Manyowa akhale opsa. Kaya mwapanga a chimato, omata ndi matope kunja, kaya a changu otembenuza pafupipafupi, kaya a m'dzenje, zizindikiro n'zimodzi: akuda, ozizira, oyoyoka m'manja, onunkhira ngati dothi la m'nkhalango. Zikani ndodo pakati pa mulu. M'masabata oyamba iyenera kutuluka yotentha. Ikatuluka yozizira ndi youma, thirani madzi. Ikatuluka yonyowa ndi yonunkha, mulu wasowa mpweya, utembenuzeni. Miyezi iwiri kapena itatu imakwanira ngati munasakaniza zouma ndi masamba aawisi ndi ndowe za mbuzi, nkhumba kapena zitosi.

Ine ndemwe ndinalakwitsapo apa. Chaka china ndinachedwa, ndinakwirira mapesi ouma ndi madeya a mpunga m'mizere mu Novembala, mvula ili pafupi. Chimanga chinamera bwino, koma pa sabata yachitatu chinachita chikasu kuposa cha mnansi yemwe sanathire kanthu. Ndinafukula mzere umodzi ndi manja, ndinapeza mapesi ali oyera ndi nkhungu, akuyamba kumene kuwola. Tizilombo towoletsa zouma timafuna naitirojeni, ndipo tikamusowa m'mapesi timatenga wa m'nthaka, yemwe mbewu imadalira. Mapesi kwirirani mukangokolola, mu Meyi kapena Juni dothi likadali ndi chinyontho cha chiperoni, apo ayi aphimbireni pamwamba, kapena apite pamulu wa kompositi.

Kuotcha ndiye ayi. Munda wotulutsa matumba 15 a chimanga umasiya mapesi olemera mofanana ndi chimangacho kapena kuposa. Moto umatenga kaboni yense, naitirojeni ndi safa, n'kukusiyirani phulusa lomwe pamchenga limapita ndi mvula yoyamba. Ndipo tili ndi mwayi wa nandolo, yemwe pafupifupi munda uliwonse kuno ali nawo. Masamba ake oyoyoka m'chilimwe ndi manyowa omwe simunasenze pamutu. Mitengo yake tengani mukaphikire, masamba asiyeni m'munda, ndipo mizu musazule.

Pamalo otsetsereka zonsezi zimafuna mizere yopingasa ndi udzu wa vetiva pa akalozera. Zowolerana zimakhala m'dothi lapamwamba ndipo n'zopepuka, ndiye zimakhala zoyamba kukokoloka.

6. Thirani feteleza molingana ndi zomwe dothi lingagwire

Podikira kuti zowolerana zichuluke, musapatse mchenga chakudya chambiri nthawi imodzi. Wokulitsa wa NPK thirani podzala kapena chimanga chikangomera, pafupi ndi phando lomwe muli manyowa. Wobereketsa pa katondo mukhoza kuthira kamodzi, pa masabata atatu kapena anayi chimanga chitamera. Pamchenga gawani muyeso womwewo pawiri: theka pa masabata atatu, theka linalo pa masabata asanu kapena asanu ndi limodzi, ngayaye zisanatuluke. Simukuwonjezera thumba, mukungowonjezera ulendo. Boolani kadzenje masentimita 5 mpaka 10 kuchokera pa phesi, ikani, kwirirani. Yuriya wosiyidwa pamtunda amauluka. Mitambo ikakhala kuti yatseka phiri ndipo mvula ikugwa usana ndi usiku, dikirani ikate kaye, dothi likhale lonyowa koma madzi asakuyenderera.

7. Werengani masamba a m'munsi

Pakati pa Januwale bwererani ku gawo lililonse muyang'ane masamba akale a m'munsi mwa phesi. Chikasu choyambira kunsonga n'kutsika motsata msempha wapakati ndi kusowa kwa naitirojeni, ndipo pamchenga mvula itagwa yambiri ndiye kuti watsukidwa. Masamba opserera m'mbali pakati pali pobiriwira ndi potaziyamu. Mizere yachikasu yoyenda m'litali pakati pa misempha ndi maginiziyamu, ndipo kawirikawiri imayendera limodzi ndi asidi. Chimanga chaching'ono chofiirira ngati chapakidwa utoto ndi fosiforasi.

Potaziyamu ndi maginiziyamu ndi zija zimakhala pa malo ogwirira, choncho zizindikiro zake zikamabwerera pagawo limodzi chaka ndi chaka, gawolo ndi lomwe lilandire matumba 40 a chaka chamawa. Siyani mizere isanu yopanda manyowa pambali pake, muzikepo chikhomo, ndipo pokolola muike chimanga cha mizere isanu imeneyo padera ndi cha mizere isanu yamanyowa, mutonole, muyeze ndi ndowa imodzi.